Kalata kwa akuluakulu a kampani yathu pa nkhani ya kalembera wa maola a ntchito

Olemekezeka mabwana,

Ndikulemba kalata iyi poyera chifukwa nkhani imene mukuikambirana m'chipinda cha misonkhano ikukhudza malipiro a anthu onse amene amagwira ntchito pamalo athu omanga, ndipo ambiri mwa iwo sadzakhala ndi mwayi wolowa m'chipinda chimenecho. Tamva kuti mukufuna kusankha njira imodzi yolembera kubwera ndi kuweruka kwa antchito, ndipo kuti pali zinthu zitatu patebulo panu: kupitiriza ndi buku losainamo, kugula makina odinda chala pamalo onse, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni. Ine ndine kalaliki amene ndimawerengera maola mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro akaperewera, munthu amayamba kufika pawindo langa asanafike kwa inu. Ndagwira buku kwa zaka zingapo, ndagwiranso makina odinda chala amene munatipatsa kuti tiyesere pamalo amodzi, choncho ndikupempha kuti mundilole ndinene zimene ndaona.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti njira iliyonse muiyeze ndi tsiku limene yalephera, osati ndi tsiku limene ikuyenda bwino. Amalonda akabwera kudzakuonetsani katundu wawo, amakuonetsani mu ofesi yozizira, magetsi akuyaka, netiweki ili bwino, ndipo chala chimene chimadindidwa ndi cha munthu wogwira cholembera. Funso limene silifunsidwa pamenepo ndi ili: tsiku limene chipangizocho chakana kulemba munthu amene wabweradi kuntchito, kodi amene ataye ndalama ndani, ndipo adzagwiritsa chiyani posonyeza kuti analipo? Pa njira zonse zitatu, yankho la funso limeneli ndi losiyana kwambiri.

Ndiyambe ndi buku, popeza ndilo likuimbidwa mlandu. Zimene mumalidandaula ndi zoona ndipo sindizikana. Anthu amasainirana, wofika 7:25 amalemba 7:00 chifukwa mnzake wa pamzere wapamwamba walemba 6:58, ndipo kapitawo wosakhulupirika angathe kusunga m'buku dzina la waganyu amene anasiya ntchito sabata ziwiri zapitazo. Kumapeto kwa mwezi ine ndimatha masiku atatu ndikukopera manambala kuchoka m'mabuku kupita mu kompyuta, ndipo pamene munthu walemba 1 wooneka ngati 7 ndimayenera kumufunafuna kuti ndimufunse. Komabe buku lili ndi ubwino umodzi umene njira zinazo zilibe, ndiwo wakuti chinyengo chake chimaoneka ndi maso. Munthu akasainira anzake atatu, inki ndi imodzi, kupendekeka kwa zilembo ndi kumodzi, ndipo mizere itatuyo imatsatana. Munthu akalemba nthawi yabodza, nthawiyo imasemphana ndi ya amene ali pamwamba ndi pansi pake. Wina akafufuta, pepala limasonyeza. Buku limanama pokhapokha pamene palibe amene akuliwerenga tsiku lomwelo, ndipo vuto lathu lakhala limenelo: mabuku amatsekulidwa ndi ine pa 25, pamene palibe amene akukumbukira za Lachiwiri la sabata yoyamba.

Pamalo pamene buku linayenda bwino, panali mwambo wochepa chabe. Bukulo linali losokedwa, la masamba olembedwa manambala, kuti tsamba likang'ambidwa zidziwike. Anthu ankasaina motsatana monga afikira, osati pa mayina olembedweratu. Ikangokwana 7:10 kapitawo ankajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza nkusainapo, ndipo aliyense wolemba pansi pa mzerewo ankadziwika kuti wachedwa, kaya alembe nthawi yotani. Cha m'ma 10 koloko ankawerenga mitu ya anthu amene ali pantchito nkufananitsa ndi mizere ya m'buku. Zimenezi sizifuna ndalama ina koma ya cholembera chofiira, ndipo zimatseka mipata yambiri imene mukufuna kuitseka ndi makina.

Tsopano ndifike pa makina odinda chala, amene ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwawakonda, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene pali zambiri zimene simunauzidwe. Makina ngati amene tinayesera amawerenga chala ndi kuwala. Munthu akaika chala pagalasi, timizere totukuka ta pakhungu timakhudza galasilo pamene tingalande ta pakati pake sitikhudza, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumapanga chithunzi. Makinawo amafufuza m'chithunzicho malo amene mzere wathera kapena wagawikana pawiri, amasunga malo amenewo monga manambala, ndipo tsiku lililonse amafananitsa chala chatsopano ndi manambala osungidwawo. Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, chakuti timizere ta pachala tikhalepo ndipo tikhudze galasi bwino.

Mabwana, tengani nthawi tsiku lina mugwire dzanja la mmisiri amene wakhala akuyala njerwa kuyambira Lolemba. Simenti yonyowa imadya khungu, mchenga ndi njerwa zimapala, ndipo pofika Lachinayi nsonga za zala zake zimakhala zosalala ngati zopukutidwa, zina zong'aluka. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi khungu limauma kotero kuti ngakhale timizere totsalato sitigwira galasi. Wopaka penti amabwera ndi zala zomatika, wa kugalaja amabwera ndi girizi, ndipo nthawi ya mvula aliyense amafika ndi manja onyowa, madzi nkudzaza tingalande tonse chithunzi nkukhala chakuda chokhachokha. Aliyense amene anaima pamzere wa zitupa za unzika mu 2017 ndipo anaona agogo olima akuuzidwa kuti apukute chala ayesenso, akudziwa zimene ndikunena. Anthu amene makina amawakana kawirikawiri ndi omwewo amene ntchito yawo ndi yolemetsa kuposa ya tonsefe. Ndaonapo bambo wachikulire, mmisiri wa zaka zambiri pakampani pano, akupaka chala pamphumi kuti chitengeko mafuta, akuuzira mpweya, akusintha dzanja, makina akungomuuza kuti ayesenso, anyamata ali kumbuyo kwake akudikira. Anachoka pamzerewo atatsitsa nkhope, ndipo anali atafika nthawi yabwino.

Wogulitsa adzakuuzani kuti vutoli limatha mwa kutsitsa mulingo wofananitsira, ndipo ndi zoona kuti mkati mwa makinawo muli nambala imene imanena kuti chala chifanane motani kuti chivomerezedwe. Koma nambala imeneyi ndi sikelo ya mbali ziwiri. Mukaikweza, makina amakana eni zala ambiri. Mukaitsitsa, amayamba kulandira chala cha munthu wina monga cha mnzake, makamaka pamene akufufuza chala chimodzi pakati pa anthu mazana. Chizindikiro chakuti mulingo watsika kwambiri ndi chakuti munthu amadinda ndipo pagalasi lowerengera pamatuluka dzina la wina, kapena mumapeza kuti munthu amene ali patchuthi walembedwa kuti walowa. Njira yabwinopo ndi yakuti amene zala zawo zimavuta ayambe alemba nambala yawo ya ntchito kenaka nkudinda, chifukwa pamenepo makina amangofananitsa chala ndi cha munthu mmodzi yekhayo, ndipo mulingo ungakhale wofewerapo popanda chiopsezo chachikulu. Ndiponso polembetsa, munthu aliyense alembetsedwe zala zosachepera ziwiri, za manja onse awiri, kuphatikizapo chala chimene sichigwira kwambiri njerwa monga cha mphete, ndipo kulembetsako kuchitike Lolemba m'mawa pamene khungu lapumako, osati Lachisanu madzulo. Ife tinalembetsa chala chimodzi cha mkombaphala cha kudzanja lamanja kwa aliyense, tsiku limodzi, mothamanga, ndipo mavuto ambiri anayambira pomwepo.

Pali nkhani inanso ya mzere, imene ndi masamu chabe. Pamalo amene tinayesera panali anthu pafupifupi 140 ndi makina amodzi, ndipo ambiri ankafika limodzi pa malole a kampani cha m'ma 6:45. Munthu mmodzi akamatenga masekondi 6 kuti afike, adinde ndi kuchoka, anthu 140 amatha mphindi 14, ndipo womaliza amalembedwa 6:59. Koma pakakhala anthu 20 amene aliyense akulimbana ndi makina kwa theka la mphindi, mphindi zina 10 zawonjezeka, ndipo womaliza amalembedwa 7:09 ngakhale anatsika lole yomweyo ndi woyamba. Pulogalamu ya mu kompyuta imamuika chizindikiro cha kuchedwa, ndipo sidziwa kuti anali pamzere. Mukagula makina, muwerengere kuchuluka kwake potengera anthu amene amafika nthawi imodzi, osati chiwerengero cha malo.

Ndikufuna ndikuyendetseni pa nkhani ya tsiku limodzi, kuti muone mmene ndalama ya munthu imasowera popanda amene waba. Linali tsiku lothira konkire ya silabu, ntchito imene simungaisiye pakati. Mmisiri wina anadinda 6:52 m'mawa ndipo makina anamulandira. Nthawi yathu ndi 7 koloko mpaka 4 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro, kutanthauza maola 8. Tsiku limenelo gulu lake linaweruka 7 koloko usiku. Magetsi anali atazima kuyambira masana, kabatire kamene kamathandiza makinawo kanali katatha, ndipo jenereta inali itazimitsidwa ntchito itangotha. Anthu anafika pageti nkupeza makina ali chete, mlonda nkuwauza kuti adzanene mawa. Kumapeto kwa mwezi nditatsitsa zolembedwa pa fulashi, mzere wa bamboyo unali ndi nthawi yolowa yokha. Pulogalamu yathu inakonzedwa kuti tsiku lopanda nthawi yotuluka lizitengedwa ngati kujomba, choncho linawerengedwa ziro.

Kuti masamu aphweke, tiyerekeze kuti ola lake ndi K1,000. Maola 8 ndi K8,000. Malamulo a ntchito a dziko lino, a m'chaka cha 2000, amati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata ndipo ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe ola limodzi ndi theka, pamene ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma ilipidwe kawiri. Maola atatu owonjezerawo ndi K4,500. Bamboyo akanataya K12,500 pa tsiku limene anagwira ntchito kuposa masiku onse a mwezi umenewo, ndipo pamwamba pake akanakhala ndi chizindikiro cha kujomba m'failo mwake. Chimene chinamupulumutsa, iye ndi anzake a m'gulu lake, ndi kakope ka kapitawo, kamene analembamo mayina a onse otsala pa konkire ndi nthawi imene anamaliza, pamodzi ndi pepala lolandirira simenti la tsikulo. Makina a ndalama zambiri anapulumutsidwa ndi kope la ana a sukulu. Chikanakhala kuti tinali titamvera langizo lakuti mapepala onse atayidwe, ine sindikanakhala ndi choti ndikuonetseni, ndipo mawu a mmisiri akanalimbana ndi mawu a kompyuta.

Pa mfundo imeneyi ndikupempha kuti mumvetse chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Buku likalakwa, anthu amakayikira buku. Makina akalakwa, anthu amakayikira munthu. Pepala lotuluka mu kompyuta limaoneka laukhondo, la mizere yowongoka, ndipo aliyense amaliona ngati silinganame, pamene likungobwereza zimene linapatsidwa ndi malamulo amene wina anaika mkati mwake tsiku loyamba. Alonda athu ndi umboni wina. Mlonda amalowa 6 koloko madzulo nkutuluka 6 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo ngati shifiti yake sinakonzedwe mu pulogalamu monga yodutsa pakati pa usiku, kompyuta imatenga kudinda kwake kwa m'mawa monga kulowa ndi kwa madzulo monga kutuluka, nkumuwerengera maola amene anali kunyumba akugona. Tsiku loyamba ndi lomaliza la sabata yake limatsala ndi kudinda kumodzi, nkusanduka kujomba. Palinso wotchi ya mkati mwa makinawo, imene imasungidwa ndi kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo. Kabatireko kakafooka, magetsi akazima ndi kubweranso, wotchi imatha kubwerera ku deti lakalekale, ndipo anthu onse odinda m'mawa umenewo amalembedwa pa tsiku limene silili m'mwezi wa malipiro. Zimadziwika msanga ngati pali munthu amene amayang'ana nthawi ya pa makina m'mawa uliwonse nkuifananitsa ndi ya pa foni, koma ngati palibe, zimadziwika pa 25.

Sindikunena kuti makinawa ndi oipa. Kumene ali oyenera, amachita bwino kwambiri. Ku likulu ndi ku nyumba yosungira katundu, kumene kuli geti limodzi, denga, magetsi othandizidwa ndi sola, ndi anthu omwewo chaka chonse, makina angathetse kusainirana ndipo ntchito yanga ya masiku atatu ingatsike kufika pa maola ochepa. Pamalo omanga zinthu ndi zosiyana: fumbi limakanda galasi, dzuwa likawomba pagalasi makina amavutika kuwerenga, malo amasamuka pakatha miyezi ingapo, ndipo aganyu amasintha sabata ndi sabata kotero kuti wina ayenera kumangolembetsa ndi kufufuta zala. Munthu amene ali ndi mphamvu yolembetsa zala ndiye wagwira chinsinsi chonse, chifukwa angathe kulembetsa chala chake chachitatu pa dzina la munthu kulibe, ndipo makina adzamulemba munthu ameneyo tsiku lililonse mokhulupirika. Kuwerenga mitu pamalo a ntchito sikutha chifukwa chakuti makina abwera.

Muganizirenso za udindo umene mukusenza mukamatenga zidindo za zala. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la m'chaka cha 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika zinthu za m'thupi monga zidindo za zala m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Munthu akataya kiyi amasintha loko, koma chala sangachisinthe. Pa nthawi yoyesera ija palibe amene anauzidwa kuti zidindo zake zisungidwa kuti, azidzaziona ndani, ndipo zidzafufutidwa liti akasiya ntchito. Fulashi imene ndimatsitsira zolembedwa imatha kutsitsanso zidindo zonse, ndipo inkakhala mu dirowa yosakhoma. Mukasankha makina, mulembe zimenezi papepala, muwafotokozere antchito m'Chichewa, ndipo amene chala chake chakanika apatsidwe khadi kapena nambala yachinsinsi popanda kuonedwa ngati wovuta.

Pa pulogalamu ya pa foni sindichulukitsa mawu, chifukwa vuto lake loyamba limaoneka mukangoima pageti nkupempha anthu kuti atulutse mafoni awo. Ambiri mwa amisiri ndi aganyu ali ndi timafoni ta mabatani, ena alibiretu, ndipo amene ali ndi foni yamakono nthawi zambiri alibe bandulo kapena aisiya kotchajitsa. Kulamula kuti aliyense azidzilemba pa foni yake ndi kusamutsa mtengo wa kalembera wanu kuupereka kwa munthu amene amalandira zochepa kuposa onse. Kachiwiri, pulogalamu zimenezi zimadalira GPS kuti zitsimikize kuti munthu ali mkati mwa mpanda wongoyerekeza umene mwajambula pa mapu. Panja poyera foni imalozera malo mosaphonya kwambiri, koma mkati mwa nyumba ya konkire kapena pansi pa malata imatha kuphonya ndi mamita makumi angapo, nkumukana munthu amene waima pakati penipeni pa malo a ntchito. Mukakulitsa mpandawo kuti asakanidwe, wokhala pa golosale ya tsidya la msewu amalembedwa kuti wafika. Pa mafoni a Android pali mapulogalamu onamiza malo amene mnyamata wozindikira angawapeze mosavuta, ndipo foni ingathe kupatsidwa kwa mnzako monga mmene cholembera chimaperekedwera. Kumalo athu akumidzi kumene netiweki ya Airtel kapena TNM imapezeka pachulu chimodzi, pulogalamu iyenera kusunga zolembedwa mufoni mpaka netiweki ipezeke, ndipo pamenepo mufunse wogulitsa kuti nthawi imene imalembedwa imachokera kuti, chifukwa ngati ndi wotchi ya foniyo, mwini foni angathe kuibweza m'mbuyo. Mumufunsenso ngati pulogalamuyo imaleka kulondola munthu akaweruka, popeza kumene wantchito amapita Lamlungu si nkhani ya kampani.

Komabe foni ili ndi malo ake. Madalaivala, ogula katundu ndi mainjiniya amene amayendera malo atatu pa tsiku sangabwerere ku geti kukadinda, ndipo kwa iwo foni ya kampani yokhala ndi bandulo ya kampani ndi yoyenera. Pamalo omanga, foni imodzi ya kampani m'manja mwa kapitawo ingathandize buku m'malo molichotsa: akangojambula mzere wofiira, ajambule chithunzi cha tsambalo nkunditumizira, ndipo madzulo achitenso chimodzimodzi. Chithunzi chikafika kwa ine m'mawa womwewo, tsambalo silingasinthidwenso popanda kudziwika, ndipo ine ndimalowetsa maola tsiku ndi tsiku m'malo modikira mulu wa kumapeto kwa mwezi. Dzina lachilendo ndimaliona tsiku lomwelo, pamene munthuyo angathe kuitanidwa nkuonedwa nkhope.

Choncho malangizo anga ndi akuti musakakamize njira imodzi pa anthu amene ntchito zawo ndi zosiyana chotere. Makina aikidwe ku likulu ndi ku nyumba yosungira katundu, buku losokedwa lotumizidwa pa chithunzi likhale pamalo omanga, ndipo foni ikhale ya oyendayenda okha. Ndikudziwa kuti zimenezi zikuoneka zosakongola poyerekeza ndi pepala limodzi lotuluka mu kompyuta imodzi, ndipo ndikudziwanso kuti ntchito yophatikiza zonsezi idzagwera ine. Ndikuilandira, chifukwa ndi yopepuka poyerekeza ndi kuyang'ana munthu m'maso nkumuuza kuti tsiku limene ndinamuona ndi maso anga akukankha wilibala silikupezeka.

Ngati mwatsimikiza kuika makina ngakhale pamalo omanga, pali malamulo amene ndikupempha kuti alembedwe makinawo asanakhomedwe pakhoma. Pambali pa makina aliwonse pakhale buku la zolephera, mmene munthu wokanidwa katatu, kapena wopeza makina atazima, amalemba dzina, nthawi ndi chifukwa, kapitawo kapena mlonda nkusainira pomwepo, ndipo zolembedwa m'bukumo zikhale ndi mphamvu yofanana ndi za makina. Tsiku lokhala ndi kudinda kumodzi lisawerengedwe kujomba, koma lituluke pa mndandanda wa mafunso umene ndimaupereka kwa kapitawo m'mawa wotsatira. Aliyense wosintha nthawi mu kompyuta, kuphatikizapo ine, alembe chifukwa ndipo wina avomereze, ndipo wolembetsa zala asakhale yemweyo wokonza malipiro. Masiku awiri malipiro asanatsekedwe, maola a aliyense aonetsedwe kwa mwini wake kuti aone yekha ndi kudandaula nthawi ilipo, chifukwa dandaulo lokonzedwa pawindo langa limatha mphindi zisanu, pamene lofika ku ofesi ya leba kapena ku khothi loona za anthu apantchito limatha miyezi, ndipo kumeneko chimene adzakufunseni ndi zolembedwa zanu.

Buku la zolephera lidzakuthandizaninso kudziwa ngati makina akuyenera malowo. Mukaona kuti mayina omwewo akubwera tsiku ndi tsiku, vuto ndi zala zawo kapena kalembetsedwe kake, ndipo alembetsedwenso kapena apatsidwe khadi. Mukaona kuti mayina ndi osiyanasiyana koma nthawi ndi imodzi, vuto ndi magetsi, dzuwa kapena galasi lakuda. Mukaona kuti masamba akudzaza msanga kuposa mmene kapitawo angathere kusainira, ndiye kuti malowo ndi a buku ndipo makina abwezedwe ku likulu.

Musanasaine mgwirizano ndi wogulitsa aliyense, ndikupempha kuti njira yatsopano iyende limodzi ndi buku kwa mwezi wathunthu wa malipiro pamalo amodzi omanga, ndipo mwezi umenewo ukhale ndi tsiku lothira konkire, mashifiti a alonda ndi masiku ozima magetsi. Malipiro a mwezi woyeserawo atengedwe m'buku. Kumapeto kwake ine ndidzaika mapepala awiriwo pambali pa linzake ndi kulemba tsiku lililonse limene asiyana, dzina ndi dzina, pamodzi ndi ndalama imene munthuyo akanataya kapena imene kampani ikanataya. Ndikupemphanso kuti pa tsiku loonetsa katunduyo, wogulitsa abwere naye ku geti la malo omanga Lachinayi nthawi ya 6:45 m'mawa, ndipo oyamba kudinda akhale amisiri oyala njerwa, inu mutaima pomwepo.

Ine wanu mwaulemu,
Kalaliki wowerengera maola a ntchito